Ndowa imeneyi imalowa malita angati, nanga lata lake ndidule bwanji?

"Aphunzitsi, ine ndangoyamba kumene kuphunzira kukhoma ndowa za malata. Pali ndowa ina yomwe ndikufuna kukopera, kukamwa kwake ndi masentimita 34, thako lake 20, ndipo nditagoneka tepi m'mbali kuchoka pamlomo kufika pansi ndapeza 25. Ine ndatenga pakati pa 34 ndi 20 nkuwerengera ngati dilamu, ndapeza malita 14.3, koma mnzanga wa ku sekondale ndi fomula yake ya m'buku wapeza 14.6 ndiye tikungokangana. China, lata ndinadula ndi mizere yowongoka, pamwamba 107 pansi 63, koma nditapinda ndowa yatuluka yopendekeka thako likukana kulowa. Walakwa ndani apa?"

Achimwene, musadandaule, mutu wanu ukugwira bwinobwino ndipo lata limodzi lomwe mwawonongalo ndi sukulu fizi yotchipa kwambiri. Nonse awiri mwaphonya, koma mwaphonya pang'ono, yankho lenileni ndi malita 14.05, tingoti 14 basi. Zaka zonse zomwe ndakhala ndi choko m'manja zolakwa ziwiri zomwezi ndi zimene zimabwera chaka ndi chaka, ndipo chosangalatsa nchakuti inu mwachita zonse ziwiri nthawi imodzi, china chikukokera yankho pansi china chikulikokera m'mwamba, ndiye zafafanizana pang'ono mpaka mwayandikira kuposa mnzanu yemwe ali ndi fomula yolondola. Musamuuze kaye, akhumudwa.

Chinthu chimodzi chomwe ndikufuna chikhazikike m'mutu mwanu ndi ichi: ndowa ndi koni yodulidwa nsonga. Tayerekezani kuti makoma a ndowa yanu sanathere pa thako, apitirirabe kutsika akupanikizana mpaka akakumane pa kansonga kamodzi pansi pa nthaka. Imeneyo ndiye koni yathunthu, ngati fanulo yothirira mafuta ija. Wina wabwera wadula kansongako mopingasa nkukataya, chotsalacho a masamu amachitcha fulasitamu, liwu lochokera ku Chilatini lotanthauza chiduswa. Mukangoiwala nsonga yotayikayo, malita amasokonekera komanso lata limadulidwa molakwika, mavuto anu onse awiri gwero lake ndi limodzi lomwelo.

Tiyambe ndi manambala anu. Fomula safuna dayamita, kutanthauza muyezo wodutsa kukamwa konse, amafuna rediyasi yomwe ndi theka lake. Ndiye pamwamba 34 akhala 17, timutcha R wamkulu, pansi 20 akhala 10, r wamng'ono. Apa sipovuta koma ndimawona ana ambiri akulowetsa 34 ndi 20 momwemo mu fomula nkupeza malita 56, osadabwa nkomwe kuti kandowa kofika m'mawondo kangamwe madzi ochuluka chonchi bwanji. Yankho likakula kanayi kuposa momwe diso likukuuzirani, dziwani kuti mwaiwala kugawa pawiri.

Tsopano 25 uja, apa ndi pomwe mnzanu wagwera. Tepi mwaigoneka pa khoma la ndowa, ndipo khomalo ndi lopendekeka, ndiye 25 si kuya kwa ndowa ayi, ndi utali wa khoma, womwe m'mabuku amaulemba l. Kuya kwenikweni, h, ndi kuja koima chilili kuchoka pa thako kufika pa mulingo wa mlomo, ngati mutaimika ndodo pakatikati pa ndowa. Madzi sadziwa za kupendekeka kwa khoma, iwo amangokwera chilili, nchifukwa chake malita amafuna h. Lata ndi lomwe limatsatira khoma, ndiye eliya ya lata imafuna l. Ziwirizi zimalumikizana ndi thirayango yobisika m'mbali mwa ndowa: mbali yoima ndi h, mbali yogona ndi kusiyana kwa marediyasi awiri aja, 17 kuchotsa 10 kutsala 7, ndipo mbali yaitali yopendekeka ndi l. Lamulo la Payithagorasi likugwira ntchito:

```
h² = l² − (R − r)²
h² = 625 − 49 = 576
h = 24 cm
```

Ndowa yanu ndi yakuya 24. Mukafuna kutsimikiza popanda masamu, gonekani thabwa lowongoka pakamwa pa ndowa, tsitsani rula kuchoka pa thabwalo mpaka igunde thako, mupeza 24 kapena pafupi pamenepo. Sentimita imodzi yokha imaoneka yachabechabe eti, koma ndi gawo limodzi mwa magawo 24, ndipo ndi imene yawonjezera mnzanu madzi opitirira theka la lita omwe kulibe.

Fomula yake ija ndi iyi, ndipo ndi yolondola:

```
V = (π × h ÷ 3) × (R² + R×r + r²)
V = (π × 24 ÷ 3) × (289 + 170 + 100)
V = 8π × 559 = 14049 cm³
```

Lita imodzi ndi makyubiki sentimita 1000, ndiye mugawe ndi 1000, malita 14.05. Mukaika 25 m'malo mwa 24 mupeza 14.63, ndiye nambala ya mnzanu imene ija.

Ine sindikonda kungopatsa munthu fomula ngati mankhwala omwa osafunsa, chifukwa tsiku lomwe mudzaiwale kuti pakati paja pali R×r mudzasowa pogwira. Ndiye tiyeni tibwezeretse nsonga ija tione komwe fomulayi ikuchokera. Khoma la ndowa yanu likulowa mkati masentimita 7 pa masentimita 24 alionse otsika. Pa thako rediyasi yatsala 10, kuti 10 ameneyo athe kufika pa ziro pakufunika kutsikabe 10 × 24 ÷ 7, omwe ndi 34.29. Ndiye koni yaing'ono yotayidwa ija ndi yaitali 34.29, ndipo koni yathunthu ndi 34.29 kuphatikiza 24, kukhala 58.29. Koni iliyonse imalowa gawo limodzi mwa magawo atatu a silinda yofanana nayo kukamwa ndi kutalika, mutha kuyesa nokha ndi mchenga, makoni atatu odzadza amadzaza silinda imodzi ndendende. Koni yaikulu ndiye ikulowa π × 289 × 58.29 ÷ 3, pafupifupi 17640, yaing'ono π × 100 × 34.29 ÷ 3, pafupifupi 3590, mukachotsera zikutsala 14050. Yankho lomwe lija, kasiyanidwe kochepako nkongochokera ku kudula manambala. Fomula yaifupi ija ndi njira yomweyi, kungoti wina anachotseratu ndi malembo kamodzi kuti ife tisamavutike kufunafuna nsonga nthawi zonse. Ndipo si nzeru ya dzulo, gumbwa wina wa ku Ejipito yemwe amasungidwa ku Moscow, wolembedwa cha m'ma 1850 Yesu asanabadwe, ali ndi samu ya piramidi yodulidwa nsonga, pansi 4 pamwamba 2 kutalika 6, ndipo mlembi wake anaphatikiza 16 ndi 8 ndi 4 nkuchulukitsa ndi 2 kupeza 56. Taonani 8 wapakatiyo, ndi 4 × 2, m'bale wake weniweni wa R×r wathuyu.

Tibwere kwa inu. Maganizo anu otenga pakati si opusa ayi, amisiri ambiri amatero ndipo pa ndowa yosapendekeka kwambiri zimayenda. Pakati pa 17 ndi 10 ndi 13.5, silinda ya rediyasi 13.5 ndi kuya kolondola 24 ikulowa malita 13.74. Yaperewera ndi 0.31. Inu munapeza 14.3 chifukwa nanunso munaika 25, ndiye kuperewera kwa njira yanu kunabisika ndi sentimita yoonjezera ija. Chifukwa chomwe njira yapakati imaperewera nthawi zonse nchakuti eliya ya bwalo imakula ndi sikweya ya rediyasi, osati ndi rediyasi yokha. Kuchoka pa 13.5 kukwera kufika 17, sikweya ikuchoka pa 182.25 kufika 289, yawonjezeka pafupifupi 107. Kuchoka pa 13.5 kutsika kufika 10, ikuchoka pa 182.25 kufika 100, yachepa ndi 82 yokha. Ndiye zomwe ndowa ikupindula kumtunda ndi zambiri kuposa zomwe ikutaya kumunsi, silinda yapakati ija siikuziwerengera. Kupereweraku kuli ndi fomula yakeyake yomwe ndimaikonda kwambiri:

```
π × h × (R − r)² ÷ 12
π × 24 × 49 ÷ 12 = 308 cm³
```

Muphatikize 308 pa 13741 mupeza 14049 ndendende. Ubwino wake ikukuuzani nthawi yomwe njira yachidule ili bwino. Ndowa ikakhala yoti marediyasi akusiyana ndi 2 yekha, kuya komweku, mukuphonya makyubiki 25 basi, masupuni awiri sakwana, palibe angakutsutseni. Koma beseni lotambalala loti marediyasi akusiyana ndi 14, kuya komweku, kuphonyako kukukula kanayi kuposa kwa ndowa yanu, kupitirira lita yathunthu. Palinso ena amatenga pakati pa maeliya awiri, wa kukamwa ndi wa thako, amenewo amapitirira muyezo, pa ndowa yanu apeza 14.66, ndipo kupitirira kwawo kumakhala kawiri ka kuperewera kwa njira yanu. Yankho loona limakhala pakati pa awiriwa, koma moyandikira kwa inu.

Ndinene chilungamo pang'ono, mkangano wa 14.3 ndi 14.6 ndi waung'ono kuposa zomwe tepi yanu ingalakwitse. Kukamwa kukanakhala 35 osati 34, kuya komweku, ndowa yomweyi ikanalowa 14.6. Sentimita imodzi pa mlomo, malita opitirira theka. Ndiye musanakangane za fomula yang'anani momwe mwayezera. Madzi amakhala mkati, choncho miyezo ikhale yamkati, ndipo mlomo wa ndowa ya lata umakhala wopindidwira kunja pa waya, mukayeza kuchoka kunja kwa mpindiro kufika kunja kwa mpindiro mwaba kale sentimita kapena kuposa. Ndowa yogwiritsidwa ntchito siikhalanso yozungulira bwino, chogwirira chimaikoka kukhala ngati dzira, ndiye yezani kukamwa kawiri mopingasana mutenge pakati. Thako nalo nthawi zambiri silikhala pansi penipeni, limakwezedwa pang'ono kuti lisamakhudze nthaka, mukayeza khoma kunja mwawerengera ndi kamwendo kameneko komwe sikasunga madzi. Njira yothetsa mkangano wonse ndi sikelo: yezani ndowa ili yopanda kanthu, idzazeni madzi mpaka pamlomo muyezenso, lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye ngati miyezo yanu inali yamkati kusiyana kukhala pafupi ndi makilogalamu 14.

Tsopano nkhani ya lata, yomwe kwa inu ndiye ya ndalama. Eliya ya khoma lonse lozungulira ndi iyi, ndipo apa 25 wanu uja ndiye mwini malo:

```
A = π × (R + r) × l
A = π × 27 × 25 = 2121 cm²
```

Thako ndi bwalo wamba, π × 10², kukhala 314. Ndowa yopanda chivindikiro ndiye 2121 kuphatikiza 314, masikweya sentimita 2435. Ikakhala ndi chivindikiro chathyathyathya muwonjezere π × 17², yemwe ndi 908, zonse 3343. Mnzanu wa ku sekondale amve bwino apa, pa mayeso funso likati ndowa ndiye kuti pamwamba mposatseka, asaphatikize 908, koma likati fulasitamu yolimba yopanda mphako mabwalo onse awiri alowe. Mamalikisi ambiri amathera pamenepa, osati pa masamu enieniwo.

Nanga bwanji lata lanu linakana? Manambala anu 107 ndi 63 ndi olondola, ndi kuzungulira kwa mlomo, 2π × 17 komwe ndi 106.8, ndi kuzungulira kwa thako, 2π × 10 komwe ndi 62.8. Ndipo chodabwitsa, eliya ya chidutswa chomwe munadula, pakati pa 106.8 ndi 62.8 kuchulukitsa ndi 25, ikutuluka 2120, yofanana ndi yolondola ija. Lata munadula lokwanira ndithu, cholakwika ndi maonekedwe ake. Katengeni chidutswa chija muyeze mbali ziwiri zopendekeka zomwe zimakumana pa msoko, ngati munasiya 25 pakati pa mizere iwiri ija mupeza kuti iliyonse ndi yaitali pafupifupi 33, pomwe khoma la ndowa likuyenera kukhala 25 paliponse. Ndiye mukapinda, ku msoko khoma ndi lalitali, mbali inayo ndi lalifupi, mlomo ukukwera ku msoko nkutsika kutsidya, m'munsi namo simukugona pa mulingo umodzi, ndiye thako lozungulira lilowa bwanji?

Tengani kapu ya pepala ija yomwera kamodzi nkutaya, muing'ambe motsatira msoko wake nkuitambasula pa tebulo. Muona kuti m'mphepete mwake, mwa pamwamba ndi mwa pansi momwe, ndi mokhota ngati uta. Chifukwa chake ndi nsonga yomwe ija. Malo alionse a pamlomo wa ndowa ali pa mtunda wofanana kuchoka ku nsonga, mukatambasula khoma mtundawo susintha, ndipo mzere womwe malo ake onse ali pa mtunda wofanana kuchoka pa kadontho kamodzi ndi bwalo, sungakhale wowongoka. Ndiye pateni ya ndowa ndi mauta awiri ojambulidwa kuchoka pa msomali umodzi, msomaliwo ndiye nsonga yathu.

Chomwe tikufuna ndi kutalika kwa chingwe chojambulira. Khoma likulowa mkati 7 pa 25 aliyense wotsatira khoma, ndiye kuti rediyasi 10 ithe pakufunika 10 × 25 ÷ 7, ndipo kuti 17 athe pakufunika 17 × 25 ÷ 7:

```
L1 = r × l ÷ (R − r) = 250 ÷ 7 = 35.7 cm
L2 = R × l ÷ (R − r) = 425 ÷ 7 = 60.7 cm
θ = 360° × (R − r) ÷ l = 100.8°
```

Onani kuti 60.7 kuchotsa 35.7 ndi 25, khoma lathu lija, ngati sizikutuluka choncho pali pomwe mwalakwitsa. Yambani pa katoni yaikulu, osati pa lata. Khomani msomali, m'malo mwa chingwe ine ndimakonda kathabwa kopyapyala kobooledwa mabowo atatu, lina la msomali, lina pa 35.7, lina pa 60.7, chifukwa chingwe chimatamuka ndipo uta umatuluka wonjenjemera. Lowetsani pensulo m'mabowo awiriwo mujambule mauta awiri. Madigiri 100.8 aja ndi kutambalala kwa pateni pa msomali, koma kapulotilakita kakang'ono ka m'kalasi sikangakupatseni 0.8 molondola pa mtunda wautali chonchi, digiri imodzi yokha yophonya ikusintha mlomo ndi sentimita yathunthu. Njira yabwino ndi iyi: ikani kadontho pa uta waukulu, kuchoka pamenepo yezani molunjika ndi rula yaitali masentimita 93.6 mpaka pomwe akugunda uta womwewo, ikani kadontho kachiwiri. Lumikizani madontho awiriwo ku msomali ndi mizere yowongoka. Chomwe chili pakati pa mauta awiri ndi mizere iwiriyo ndiye khoma la ndowa yanu. Potsimikiza, mtunda wolunjika pakati pa mathero a uta waung'ono ukhale 55, ndipo tepi yofewa mukaiyendetsa motsatira uta waukulu ikupatseni 106.8. Dulani katoniyo, pindani, mumate ndi selotepi, muiike pafupi ndi ndowa yomwe mukukopera ija muone ngati zikufanana. Ikakhala bwino imeneyo ndiye pateni yanu ya ndowa zonse za saizi imeneyi.

Pateni imeneyi ndi ya ndowa yeniyeni yokha, ilibe zopindira. Musanadule lata muwonjezere malire a msoko mbali ziwiri zowongoka zija, a pamlomo popindira waya, ndi a m'munsi pogwirira thako, nalo thako lidulidwe lokulirapo kuposa dayamita 20 kuti likhale ndi popinda. Pa waya, lamulo lomwe amisiri a malata amatsata ndi kusiya kawiri ndi theka ka kunenepa kwa wayayo, waya wa mamilimita 4 mumsiyira mamilimita 10. Za msoko zimatengera mtundu wa msoko womwe akukuphunzitsani, apa afunseni amisiri anu akuonetseni ndi manja, iwo ndi amene akudziwa momwe lata lomwe mukugwiritsa ntchito limamvera nyundo, ine choko changa chimathera pa mzere wa pensulo.

China chomwe 2121 sangakuuzeni ndi kukula kwa lata loti mugule. Pateni yokhota ija kuti ikwane pa chidutswa cha makona anayi ikufuna pafupifupi 94 m'litali ndi 38 m'lifupi, zopindira tisanawerengere, ndiye ndi masikweya sentimita opitirira 3500 pofuna kupeza 2121. Zotsalazo ndi zidutswa za m'makona. Mukamapanga ndowa zambiri musajambule imodzi imodzi, sanjani mapateni molowetsana, uta wa ina ulowe m'mimba mwa inzake, ndipo pa mipata yotsala yesani ngati mathako angakwanepo. Eliya ija imathandiza pa zina, monga kuwerengera penti, pamenepo muchulukitse pawiri ngati mukupaka mkati ndi kunja komwe.

Pali kanthu kenanso komwe simunafunse koma kadzakupezani tsiku lomwe kasitomala adzati ndiikireni mzere wa malita 10. Musadzagawe kuya mofanana ngati rula. Sentimita yoyamba ya pansi pa ndowa yanu imasunga malita 0.32 okha, sentimita yomaliza ya pamlomo imasunga 0.89, pafupifupi katatu. Madzi akafika theka la kuya, pa 12, rediyasi pamenepo ndi 13.5, mukaika mu fomula yathu h wa 12 ndi marediyasi 13.5 ndi 10 mupeza malita 5.24, pomwe theka la ndowa ndi 7. Ndiye ndowa yooneka ngati yafika theka ili ndi kungopitirira pang'ono gawo limodzi mwa atatu. Theka lenileni la madzi lili pa kuya pafupifupi 15.

Kupeza mzere wa malita 10 kumafuna kuyenda chobwerera, ndipo apa nsonga ija ikutithandizanso. Madzi a mu ndowa ndi koni yofika pamwamba pa madziwo kuchotsa koni yotayidwa, ndiye tikatcha rediyasi ya pamwamba pa madzi x:

```
V = (π ÷ 3) × (24 ÷ 7) × (x³ − 10³)
10000 = 3.59 × (x³ − 1000)
x³ = 3785,  x = 15.58 cm
```

Rediyasi yakwera kuchoka pa 10 kufika 15.58, ndiye 5.58, ndipo pa 7 aliyense kuya ndi 24, choncho 5.58 × 24 ÷ 7 ikutipatsa 19.1 choimirira. Koma mzere mukaulemba pa khoma, ndiye muchulukitse ndi 25 ÷ 24, kukhala 19.9 kuchoka pa thako motsatira khoma. Ngati kalikuleta yanu ilibe batani la kyubu ruti ingoyesani manambala, 15.5 × 15.5 × 15.5 ndi 3724 wachepa, 15.6 akupereka 3796 wapitirira pang'ono, mwadziwa kale pomwe ali. Ndipo poti ndowa yokhomedwa ndi manja siituluka ndendende ngati pateni, ine ndingathire malita 10 ndi jagi yoyezera nkuona ngati madzi akugunda pa mzerewo ndisanaudinde.

Zonse ndanenazi zikudalira kuti khoma ndi lowongoka kuchoka pa thako kufika pamlomo. Kuyesa kwake nkosavuta, gonekani rula pa khoma choimirira, ikhudze paliponse popanda mpata, kapena zungulizani chingwe pakatikati pa khoma, pa ndowa yanu kuzungulira pamenepo kukhale 2π × 13.5, pafupifupi 84.8. Mukapeza zochuluka kwambiri kuposa apo ndiye kuti ndowayo ndi yamimba, fomula iperewera. Chotengera chotero timachigawa m'zigawo ziwiri kapena zitatu zopingasa, chilichonse nkuchiwerengera ngati kafulasitamu pakokha ndi marediyasi ake, kenako kuphatikiza. Koma akadzakupatsani ntchito ya fanulo yopendekera mbali imodzi, yoti bowo la pansi silili pakatikati pa la pamwamba, kapena yoti pamwamba ndi ya makona anayi pansi yozungulira, pateni ya msomali umodzi ndi mauta awiri ija siigwira ntchito, imajambulidwa mwanjira ina yogawa khoma m'mathirayango ang'onoang'ono ambiri, imeneyo mukakhale pansi ndi mphunzitsi wa zojambula za umisiri kapena mmisiri yemwe anazipangapo akuonetseni pa pepala musanakhudze lata. Chimodzimodzi thanki yaikulu yoti iikidwe pamwamba, malita mutha kuwerengera nokha ndi fomula yomweyi, koma malita 1000 ndi tani yathunthu ya madzi, za kunenepa kwa chitsulo ndi miyendo yoinyamula zikufunika injiniya.

Lata lolakwika lija musataye. Ndi lalikulu 25 m'lifupi, ndiye mabwalo a thako a dayamita 20 pamodzi ndi popindira pake atulukamo atatu bwinobwino.